Musanasayine kontirakiti, funsani amene ali kale pantchitopo

Kusanache, pa Makoni, pa Chikwanha ndi pa Huruyadzo makombi amakhala atadzaza kale anthu opita ku Harare kudzera mu Seke Road. Chitungwiza ndi mzinda umene ambiri timangogonamo, ntchito tikuigwira ku Graniteside, ku Workington, ku Southerton kapena ku Msasa. Makolo athu pochoka ku Nyasalandi, ena wapansi ena kudzera kwa Mthandizi, sankangolowa pa famu kapena pa mgodi uliwonse. Ankayamba afunsa kwa anzawo obwerera kumudzi kuti phoso kumeneko ndi lotani, kapitawo ndi wamtima wanji, ndipo tikiti ikatha malipiro amaperekadi kapena ayi. Lero kufunsako kumachitika pa foni, ndipo achinyamata ambiri amadodoma kuti ayambe bwanji. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri nkhaniyi ikayambika.

Ntchito ikusowa chonchi, kufufuza za kampani si kudzikuza kodi?

Ayi. Kuyamba ntchito kumadya ndalama malipiro asanabwere. Mwezi woyamba mumakwera kombi ndi ndalama yobwereka, mumasiya tebulo lanu la tomato kapena ganyu amene amakudyetsani, mwina mumalipiranso wokusungirani mwana. Ngati pakutha pa mwezi malipiro sabwera, mumatsala ndi ngongole komanso makasitomala anu apita kwa ena. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Komanso pa intavyu mumamva mbali imodzi yokha. Amene akukufunsani ntchito yake ndi kudzaza malo amene ali opanda munthu, ndipo adzakuuzani malipiro olembedwa papepala. Tsiku limene ndalamayo imafikadi m'manja amalidziwa ndi munthu amene wakhala akuidikira miyezi ingapo.

Ndilembere ndani, ndipo ndimupeza bwanji?

Funani munthu wa giledi imene mukufunsirayo, kapena wokwera pang'ono. Wa muofesi ya maakaunti ndi wonyamula makatoni akhoza kukhala pa kampani imodzi koma moyo wawo pantchitopo ndi wosiyana kwambiri: wina amaweruka 4:30 madzulo, winayo amadikira mpaka lole yomaliza itadzaza. Akhalenso woti watha chaka chathunthu, chifukwa waona nyengo yotanganidwa ya Disembala ndi nyengo yowuma ya Januwale, pamene makampani amachepetsa masiku kapena kusiya kuonjezera makontirakiti.

Kuno ku Chitungwiza njira yachidule si LinkedIn, ngakhale imathandiza pa ntchito za muofesi. Njira yachidule ndi anthu. Ku mpingo wa CCAP, ku mzikiti, ku bungwe la maliro, pa mzere wa pa mjigo, simungalephere kupeza wina amene mlamu wake amagwira kumeneko. Mafakitale a mu mzinda wathu momwemuno, monga a Chibuku, Dairibord ndi Surface Wilmar, antchito ake ambiri amakhala ku Zengeza, ku Seke ndi ku St Mary's. Mukapeza wokulozerani, mupempheni kuti ayambe iyeyo wafunsa mwini nambala ngati akulola kuti muipatsidwe. Nambala yotengedwa mwakachetechete m'gulu la WhatsApp imabweretsa kukayikirana uthenga usanawerengedwe n'komwe.

Ine ndimalangiza kufunsa anthu awiri, mmodzi amene adakali pantchitopo ndi mmodzi amene anachoka. Wochokayo alibe choopa, koma akhoza kukhala ndi mkwiyo. Wotsalayo amadziwa za mwezi uno, koma amayankha akuyang'ana kumbuyo.

Uthenga woyamba ukhale wotani?

Waufupi, wonena zoona, ndipo wosapempha ntchito. Tiyerekeze mtsikana wa ku Zengeza 3 amene waitanidwa kukasayina kontirakiti ya miyezi itatu pa fakitale ina yolongedza zakudya ku Southerton. Amayi ena a kumvano amupatsa nambala ya mayi amene wagwira kumeneko zaka zinayi. Akhoza kulemba motere, m'Chichewa, m'Chishona kapena m'Chingerezi malinga ndi chimene mayiwo amayankhula:

"Mwaswera bwanji, amayi. Ndine mwana wa ku Zengeza 3, nambala yanu andipatsa amayi a kumvano amene munayankhula nawo Lamlungu. Andiitana kuti ndikasayine kontirakiti ya miyezi itatu kumene mukugwirako, mbali yolongedza, Lolemba likubwerali. Sindikupempha kuti mundinenerere kwa abwana. Ndikungofuna kumva kwa munthu amene ali m'katimo mmene ntchitoyo ilili, zabwino ndi zovuta zomwe, ndisanasiye kamsika kanga. Ndili ndi mafunso anayi, ndipo ndikhoza kukuimbirani ine mphindi khumi nthawi imene mwaweruka. Zimene mungandiuze zithera kwa ine. Ngati si zotheka, ndimvetsa, zikomo kwambiri."

Chiganizo chilichonse pamenepa chili ndi ntchito yake. Kutchula amene wakupatsani nambala kumachotsa mantha akuti mwina ndinu kazitape wotumidwa ndi abwana kapena wakuba wa pa foni. Kutchula mbali ya ntchito ndi tsiku kumamuuza woyankhayo kuti nkhani ndi yeniyeni ndipo ili ndi malire. Koma chiganizo chofunika kuposa zonse ndi chija chakuti simukupempha kunenereredwa. Munthu aliyense wapantchito ku Zimbabwe kuno amalandira mauthenga a abale ndi anansi opempha malo, ndipo ambiri anatopa nawo chifukwa alibe mphamvu yolemba munthu ntchito. Akangoona kuti chimene mukufuna ndi mawu okha, chinthu chimene ali nacho, mtima umatsika.

Cholakwika chofala ndi kulemba "Moni" yekha n'kudikira. Winayo akaona nambala yachilendo yopanda nkhani amangoisiya. China ndi kutumiza CV limodzi ndi uthengawo, chifukwa pamenepo mwadzitsutsa nokha. Tumizani madzulo ataweruka kapena Loweruka masana, osati nthawi ya shifiti, pakuti m'mafakitale ambiri foni imatsala m'kabati pakhomo. Ndipo ulemu usachepe ngakhale mutamva kuti ndi wamsinkhu wanu: "inu", "amayi", "achimwene", mpaka mwini wake atakumasulani.

Akavomera, ndifunse chiyani? "Kuli bwanji kumeneko" sikukwanira?

Funso limenelo yankho lake mukulidziwa kale: "Kuli bwino, tikuyesetsa." Ndi mmene tinaleredwera, sitidandaula kwa mlendo. Funsani mafunso amene yankho lake ndi tsiku, nambala kapena chinthu chimene chinachitika, chifukwa oterowo munthu amatha kuwayankha popanda kuoneka ngati akunyoza abwana ake.

Loyamba likhale la tsiku la malipiro: "Mwezi wathawu ndi winawo, ndalama zinalowa pa deti yanji?" Mukamva kuti pa 25 ndi pa 26, zili bwino. Mukamva kuti za Malichi zinabwera pakati pa Epulo, ndipo theka lokha, mwadziwa chimene palibe akanakuuzani pa intavyu.

Lachiwiri, limene munthu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata sangaliganize msanga koma kuno ndi lalikulu, ndi la mtundu wa ndalama. Malipiro ambiri amagawidwa pawiri, gawo m'madola a ku Amerika, gawo mu ZiG, ndalama imene boma linayambitsa mu Epulo 2024. Funsani kuti gawo lililonse ndi lalikulu bwanji, madolawo amaperekedwa pamanja kapena amalowa ku banki, ndipo gawo la ZiG amaliwerengera pa mtengo wa tsiku lolipira kapena linangokhazikitsidwa pa nambala imodzi. Kusiyana kwake tinakuona pa 27 Sepitembala 2024, pamene banki yaikulu inatsitsa mphamvu ya ZiG tsiku limodzi, kuchoka pa ZiG pafupifupi 14 pa dola kufika kupitirira 24. Munthu amene gawo lake linali lokhazikika pa ZiG 1,400 anagona ali ndi ndalama yokwana madola pafupifupi 100, n'kudzuka ali ndi ya madola pafupifupi 57. Mnzake amene gawo lake limawerengedwa kuchokera ku dola pa tsiku lolipira sanataye chotero. Renti ya chipinda ku Unit L mwininyumba amaifuna m'madola, choncho funso ili ndi la pogona penipeni.

Lachitatu ndi la kontirakiti: "Pa anthu amene munayamba nawo, ndi angati amene analembedwa ntchito yokhazikika, ndipo zinatenga nthawi yaitali bwanji?" Pali makampani amene munthu amasayina ya mwezi umodzi kapena itatu mobwerezabwereza kwa zaka, n'kumapumitsidwa masabata awiri pakati kuti zioneke ngati wayamba kumene. Funsaninso dzina limene limalembedwa pa peyisilipi. Nthawi zina mumagwira mu fakitale ya kampani yodziwika koma wokulembani ntchito ndi kakampani kena kongopereka antchito, ndipo zinthu zikavuta fakitaleyo imati si inu wathu.

Lachinayi ndi la nthawi ndi thupi lanu: shifiti imatha nthawi yanji kunena zoona, ovataimu amalipira ndalama kapena amangolonjeza tsiku lopuma, ndipo woweruka 10 koloko usiku amabwerera bwanji ku Chitungwiza. Ngati ntchitoyo ndi ya makina kapena mankhwala, funsani ngati magulovesi, gambutsi ndi ovolosi amapereka, komanso chimene chinachitika pamene munthu womaliza anavulala. Mtsikana afunse mayi mnzake mosabisa ngati pali kapitawo amene atsikana amachenjezana za iye, ndi ngati amene anapita kukachira anabwerera pa malo ake. Lamulo limapatsa mayi masiku 98 a tchuthi cha uchembere ndi malipiro onse, koma pa kontirakiti yaifupi zimachitika kuti imangotha osaonjezeredwa, ndipo amene anaziona ndi amene angakuuzeni.

Ndikamva mayankhowo, ndiwerengere bwanji?

Tibwerere kwa mtsikana wa ku Zengeza uja, ndipo manambala awa ndi ongoyerekeza kuti njira yake ioneke. Pa intavyu anamuuza madola 300 pa mwezi. Mayi aja akumuuza kuti madola 200 amabwera m'madola enieni, 100 yotsalayo mu ZiG pa mtengo wa banki, ndipo ndalama zimalowa pakati pa 28 ndi pa 3. Amagwira masiku 26 pa mwezi chifukwa Loweruka nalo ndi la ntchito, ndipo basi ya kampani imanyamula a shifiti ya usiku okha.

Tsopano atenge pensulo. Kombi yochoka ku Zengeza kupita m'tauni tiike dola imodzi, ina yochoka m'tauni kupita ku Southerton masenti 50. Kupita ndi kubwera ndi madola 3 pa tsiku, kuchulukitsa ndi masiku 26 ndi madola 78, ndipo mvula ikagwa madzulo mawindi amakweza mtengo. Penshoni ya NSSA imadula 4.5 peresenti, amene pa 300 ndi madola 13.50. Pamwamba pake pali msonkho wa boma ndi chopereka cha ku NEC, zimene mayiwo angamuuze poyang'ana peyisilipi yawo. Asanadye n'komwe nkhomaliro, ndalama yoposa madola 90 yapita kale, ndipo yamayendedweyo ikutuluka ku gawo la madola, limenenso akuyembekezera kulipirira renti. Pa madola 200 enieni aja patsala 122.

Ayerekeze zimenezi ndi phindu la kamsika kake pa mwezi. Mwina ntchitoyo ikupambanabe, makamaka ngati mayiwo anena kuti ambiri amalembedwa yokhazikika chaka chikatha, pakuti penshoni, tchuthi ndi kalata ya umboni wa ntchito kamsika sikapereka. Mwinanso aona kuti ndi bwino avomere koma tebulo alisiyire mng'ono wake m'malo moligulitsa. Chimene wapindula n'chakuti nambala imene akuganizira tsopano ndi yoona, osati 300 ya papepala.

Ndidziwa bwanji kuti zimene akundiuza ndi zoona?

Mvetserani ngati akutchula zinthu zenizeni. Munthu amene akuti "kumeneko ndi kumoto" koma osatha kunena chimene chinachitika, mwina anakangana ndi kapitawo mmodzi. Amene akuti "ovataimu ya Disembala tinalandira mu Febuluwale titapita ku komiti ya antchito" wakupatsani zinthu zitatu nthawi imodzi: kuti amachedwetsa, kuti pamapeto amalipira, ndi kuti komitiyo ili ndi mano. Woyamikira kwambiri nayenso muzimumvera mosamala, makamaka ngati ndi mbale wa manijala.

Kukhala chete nakonso kumayankhula, koma musafulumire kukutanthauzira. Wina sayankha chifukwa bandulo yatha kapena magetsi anazima tsiku lonse. Dikirani masiku atatu, kumbutsani kamodzi mwaulemu, kenako musiyeni. Koma munthu akayankha bwinobwino mafunso ena onse, n'kufika pa la malipiro akuti "zimenezo tidzakambirana tikakumana ku tchalitchi", dziwani kuti pali nkhani imene safuna kuti ilembedwe. Pitani mukakumane naye.

Zina mukhoza kutsimikiza nokha. Pafupifupi gawo lililonse la ntchito ku Zimbabwe lili ndi NEC yake, bungwe limene olemba ntchito ndi mabungwe a antchito amagwirizaniramo malipiro otsikitsitsa a giledi iliyonse. Funsani mnzanuyo kuti kampaniyo ili pansi pa NEC iti ndipo ntchito yanu ndi giledi yanji, kenako kafunseni ku ofesi ya NEC imeneyo kuti giledi yotereyi imayambira pa zingati. Za penshoni, mufunseni ngati anayamba wapitapo ku NSSA kukaona kuti ndalama zimene amadulidwa zimafikadi, chifukwa kudula pa peyisilipi ndi kutumiza ku NSSA ndi zinthu ziwiri. Ndipo ngati n'kotheka, kaimeni pafupi ndi geti nthawi yoweruka. Mudzaona nokha ngati 5 koloko imene anakuuzani pa intavyu ndi 5 kolokodi.

Kodi sindingamuike mnzangayo m'mavuto?

Mungathe, ndipo apa ndi pamene ndimapempha achinyamata kuti asamale koposa. Anthu apantchito kuno ali ndi chifukwa choopera. Pa 17 Julayi 2015 khoti lalikulu la apilo, pa mlandu wa mamanijala awiri a Zuva Petroleum, linagamula kuti wolemba ntchito akhoza kuthetsa kontirakiti pongopereka notisi ya miyezi itatu, ndipo m'masabata ochepa anthu zikwizikwi anachotsedwa. Nyumba ya malamulo inasintha lamulolo chaka chomwecho, koma amene anaona anzawo akutuluka pa geti ndi kalata m'manja sanaiwale. Akuluakulu a mu mzinda uno amakumbukiranso kutsekedwa kwa Cone Textiles pakati pa zaka za m'ma 1990, pamene mabanja zikwi anatsala opanda chodalira. Munthu wa kontirakiti ya miyezi itatu safunika ngakhale kuchotsedwa. Amangomusiya osamuitananso.

Choncho musajambule uthenga wake n'kutumizira mnzanu, ngakhale mnzanu wa pamtima, chifukwa chithunzi chimayenda ndi dzina ndi nambala. N'chifukwa chake kuimba kapena kukumana kumaposa kulemberana: iye amamasuka podziwa kuti palibe chotsala. Musamulembere pa imelo ya kuntchito. Musamupemphe zinsinsi za kampani monga mitengo, makasitomala kapena malipiro a anthu ena, ndipo peyisilipi yake akuwerengereni yekha zimene wafuna, osati kuti akutumizireni. Pa tsiku losayina musanene kuti "amayi akutiakuti anandiuza kuti mumachedwa kulipira". Sandutsani zimene mwamvazo funso lanulanu: "Tsiku la malipiro ndi liti, ndipo lalembedwa pati m'kontirakitimu?"

Nanga akandiuza kuti ndipereke kangachepe kuti andilowetse?

Lekezani pomwepo. Munapempha mawu, ndipo mawu sagulitsa. Kumugulira eyataimu kapena botolo la zakumwa pothokoza ndi ulemu wanu, koma madola 20 kapena 50 "a fomu", "a kuchipatala" kapena "a bwana wolemba anthu" otumizidwa pa EcoCash sabwerera, ndipo kawirikawiri malowo kulibe. Tsimikizani kudzera kwa amene anakulozerani kuti munthuyo amagwiradi kumeneko.

Pa ntchito za kunja chenjezoli likule kawiri. Mu 2016 amayi ambiri a ku Zimbabwe anabwezedwa kuchokera ku Kuwait atalandidwa mapasipoti ndi kugwiritsidwa ntchito ngati akapolo m'nyumba za anthu, ndipo zofanana nazo zagwera amayi a kuno ndi a ku Malawi ku Oman. Ngati "wantchito" amene mukumufunsa mwapatsidwa ndi ejenti yemweyo amene akukutumizani, mawu ake si umboni. Mupeze wanu, kudzera mwa abale ake amene mungawaone ndi maso.

Ndamva zovuta, koma ndilibe kwina kolowera. Kufunsako kwandithandiza chiyani?

Kwakuuzani zoti muyang'ane pa pepala musanaike dzina lanu. Lamulo la ntchito, Labour Act, limalamula wolemba ntchito kukupatsani molemba dzina lake, nthawi ya kontirakiti, malipiro ndi mmene amawerengedwera, maola a ntchito ndi za tchuthi. Ngati mnzanu anati gawo la ZiG ndilo limavuta, pemphani kuti kagawidwe kake kalembedwe. Ngati anati anthu amakhala pa pulobeshoni mpaka kalekale, dziwani kuti lamulo limalola pulobeshoni imodzi yokha yosapitirira miyezi itatu, ndipo siibwerezedwa. Ngati akukulembani ngati waganyu, werengani masiku anu, chifukwa waganyu amene wagwira kwa bwana mmodzi kupitirira masabata asanu ndi limodzi m'miyezi inayi yotsatizana lamulo limamutenga ngati wantchito wokhazikika.

Gulani kabuku kakang'ono. Tsiku lililonse lembani nthawi yolowa ndi yotuluka, ndipo sungani peyisilipi iliyonse ndi kope la kontirakiti kunyumba, osati m'kabati ya kuntchito. Dandaulo la malipiro limapita kwa ofisala wa NEC kapena wa ku unduna wa zantchito, ndipo liyenera kuperekedwa zaka ziwiri zisanathe, apo ayi limatayika. Mukadziwa kuti malipiro amachedwa ndi sabata, kambiranani ndi mwininyumba mwezi usanathe kuti tsiku la renti lisunthe.

Mukasankha, kaya mwavomera kaya mwakana, mulembereninso amene anakuyankhani uja mawu awiri omudziwitsa ndi kumuthokoza. Mukakumana naye pa geti Lolemba m'mawa, mupatseni moni wamba monga mmene mungapatsire mayi aliyense wa kwanu, ndipo za foni ija musazitchule pamaso pa kapitawo.